Mutu wa imelo yotsatsa malonda a chaka chatsopano: ulembedwe bwanji kuti usagwere mu Spam

Januwale ndi mwezi wouma m'thumba. Fizi ya ana ikufunika, feteleza wachiwiri akufunika, pomwe alendo omwe anadzaza malo ogona a ku Nkopola, ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear pa zikondwerero abwerera kwawo. Nchifukwa chake ambiri timatsitsa mitengo chaka chikangoyamba, kuti katundu ayende ndipo ndalama ibwere msanga. Makasitomala apafupi timawauza pakamwa kapena pa WhatsApp. Koma alipo ena omwe oda yawo imadzera pa imelo: ogulira katundu m'maloji, eni malesitilanti a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, a sitolo za m'masukulu ogonera konko, ndi alendo omwe anagula ziboliboli n'kusiya adiresi. Amenewa ndi ochepa, koma mmodzi amagula zomwe pamsika mungagulitse sabata yathunthu.

Vuto ndi loti imelo yotsatsa malonda ikhoza kutumizidwa bwinobwino koma mwini wake osayiona. Imakagwera mu chikwatu cha Spam, momwe anthu salowamo kawirikawiri, ndipo pa Gmail zokhala m'menemo zimafufutika zokha pakatha masiku 30. Inu mumangoona ngati kasitomala wakutayani, chikhalirecho sanamve n'komwe kuti mwatsitsa mtengo. Sabata ino tikuona kachigawo kamodzi ka imelo, mzere uja wolembedwa Subject, womwe tiziutchula kuti mutu. Mfundo yake ndi imodzi: mutu wonena chinthu chenicheni, monga mungauzire kasitomala wodziwana naye, ndi womwe umadutsa pa sefa, ndiponso ndi womwe umamveka waubale.

Sefa imayang'ana chiyani

Gmail, Yahoo ndi Outlook ali ndi sefa yosankha makalata olowa. Ambiri amaganiza kuti pali mndandanda wa mawu oletsedwa, ndipo ukangowapewa basi wapulumuka. Sizili choncho. Sefa imaphatikiza zinthu zambiri, ndipo zolemera kwambiri ndi ziwiri: wotumiza ndi ndani, komanso anthu olandira makalata ake amachita nawo chiyani. Ngati amatsegula ndi kuyankha, adiresi yanu imakhala ndi mbiri yabwino. Ngati amafufuta osawerenga, kapena kudina Report spam, mbiri imaipa, ndipo makalata otsatira amayamba kukankhidwira kumbali.

Apa ndi pomwe mutu umagwira ntchito. Munthu asanatsegule imelo amaona zinthu zitatu zokha: dzina la wotumiza, mutu, ndi mawu ochepa oyambirira a kalatayo. Pa zitatu zimenezi ndi pomwe amasankha kutsegula, kufufuta kapena kukunenezani. Choncho mutu umayesedwa kawiri. Choyamba makina amaona ngati ukufanana ndi mitu ya makalata omwe anthu ambiri anawakana kale. Kachiwiri munthu amaona ngati ukumukhudza, ndipo zomwe iye achite zimaphunzitsanso makinawo.

Kuti muone kuchepa kwa malire ake, kuyambira mu Febuluwale 2024 kampani ya Google inalamula otumiza maimelo kuti madandaulo a Spam asafike pa 0.3 peresenti, kutanthauza anthu atatu pa 1,000 alionse. Muyezo umenewu amauwerengera makamaka makampani otumiza makalata ochuluka, koma ukutionetsa kuti sefa sichedwa kukayikira munthu. Inu amene muli ndi maadiresi 50, munthu mmodzi yekha akakunenezani ndiye kuti ndi 2 peresenti kale. Choopsa chake si malonda a Januwale okha. Adiresi ikaipa mbiri, ngakhale invoisi yomwe mutumize mu Malichi ikhoza kukagwera komweko, malipiro n'kuchedwa.

Zomwe zimapangitsa mutu kuoneka ngati wa akathyali

Tonse tinalandirapo uthenga wa pafoni wonena kuti tawina ndalama, kapena woti wina watumiza ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndiye timubwezere. Timauzindikira tisanamalize kuwerenga, chifukwa umakuwa, umafulumizitsa, ndipo umalonjeza zazikulu osatchula chinthu chogwirika. Mutu wa imelo ukakhala ndi zizindikiro zitatu zomwezi, wowerenga ndi sefa yomwe amauika m'gulu limodzimodzilo.

Kukuwa ndi kulemba mutu wonse m'zilembo zikuluzikulu, kuika zizindikiro zofuula zitatu kapena zinayi, ndi kundandika tizithunzi ta moto, ta ndalama ndi ta mabaluni. Kufulumizitsa ndi mawu ngati "lero lokha" kapena "fulumirani musaphonye" pomwe tsiku lotsekera silinatchulidwe. Kulonjeza zopanda mutu ndi mawu ngati "mwayi waukulu" kapena "mphatso yanu ikukudikirani". Pa Chingerezi mawu omwe agwiritsidwa ntchito kwambiri ndi akuba ndi monga FREE, WINNER, URGENT ndi ACT NOW. Liwu limodzi lotere palokha silitseketsa kalata. Koma likakumana ndi zilembo zikuluzikulu, adiresi yomwe yangotsegulidwa kumene, ndi anthu 80 osakudziwani pa kalata imodzi, katundu amalemera mpaka bwato kumira.

Pali chinyengo china chomwe ena amalangizana: kuyamba mutu ndi Re: kapena Fwd: kuti kasitomala aganize kuti mukuyankha kalata yake. Musachite. Malangizo a Gmail kwa otumiza amaletsa zimenezi, ndipo munthu akazindikira kuti mwamupusitsa kuti atsegule, sakhulupiriranso sikelo yanu. Chimodzimodzi kulemba "invoisi yanu" kapena "za ngongole ija" pa kalata yomwe mkati mwake muli zotsatsa.

Zinthu zitatu zoyenera kukhala mu mutu

Mutu wabwino umayankha mafunso atatu: katundu wanji, chasintha n'chiyani, mpaka liti kapena kuti. Katundu atchulidwe ndi dzina lake lenileni, usipa wofutsa, chambo chowamba, mpunga, matebulo a mfumu osema, osati kungoti "katundu wathu". Chosinthacho chinenedwe mosabisa: mtengo watsika, katundu watsopano wafika, tikubweretserani pakhomo. Ndipo ngati kutsitsako kuli ndi malire, litchulidwe tsiku la pa kalendala.

Mndandanda wa mawuwo ndi wofunika chifukwa makasitomala ambiri amawerengera pafoni, ndipo foni imadula mutu pa zilembo pafupifupi 30 mpaka 40, kutengera kukula kwake. Powerenga zilembo, mipata ya pakati pa mawu nayonso imawerengedwa. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho malo amenewa amangokwana mawu anayi kapena asanu. Mukayamba ndi "Tikukufunirani chaka chabwino chatsopano", malo onse atha musanatchule nsomba. Mafuno abwino ali ndi malo ake, koma si kumayambiriro kwa mutu. M'sabata yoyamba ya Januwale banki, kampani ya foni ndi ya inshulansi onse amatumiza mafuno ofananawo, ndipo anu amangosowa pakati pawo.

Nanga ubale uchokera kuti ngati mafuno tawachotsa? Umachokera pokumbukira munthu. Pamsika kasitomala samva kukoma chifukwa mwakuwa kwambiri, koma chifukwa mwamuuza kuti "usipa mumaukonda uja wabwera". Liwu laling'ono loti "uja" kapena "wanu uja" limagwira ntchito yaikulu kuposa tizithunzi khumi, chifukwa wakuba sangalilembe moona: sadziwa zomwe munthuyo anagula. Kutchula malo omwe munakumana, monga Msaka, Makawa kapena Chembe, kumachitanso chimodzimodzi. Dzina la munthu ndi ulemu wake, Bambo, Mayi kapena Che monga timaitanirana kuno, likhale pa mzere woyamba wa kalata. Mzere umenewo umaonekera pansi pa mutu ngakhale kalata isanatsegulidwe, choncho moni ndi mafuno anu aonekabe.

Tione chitsanzo

Tiyerekeze mayi wogula usipa ku Msaka, n'kumaufutsa, kuuyanika ndi kutumiza m'matauni. Mitengo yomwe tiike apa ndi yongophunzirira. Chigoba cha malita 5 amagulitsa K20,000, ndipo akufuna kutsitsa kufika pa K18,000 kuyambira pa 3 mpaka pa 15 Januwale, chifukwa nyengo ya mvula nsomba youma sichedwa kuchita nkhungu ikakhalitsa. Mu foni mwake muli maadiresi 60. Mwana wake wamulembera mutu uwu:

MWAYI WAUKULU!!! CHAKA CHATSOPANO MITENGO YAGWA, FULUMIRANI!!!

Mutuwu uli ndi zizindikiro zonse zitatu zija. Ukukuwa, ukufulumizitsa popanda tsiku, ndipo sukutchula nsomba. Wogulira katundu pa loji, yemwe m'mawa umenewo wapeza makalata 40, alibe chomuuza kuti akulemba ndi mayi wa usipa uja.

Kukonza koyamba ndi kuchotsa phokoso ndi kuikamo katundu: "Chaka chatsopano: tatsitsa mitengo ya nsomba zathu". Uku n'kuyesako, koma pafoni ukhoza kudukira pa mawu oti "mitengo", ndipo "nsomba zathu" sizikunena ngati ndi chambo kapena usipa. Kukonza kwachiwiri ndi kusuntha katundu kuti atsogole:

Usipa wofutsa watsika mtengo mpaka pa 15 Januwale

Mutuwu uli ndi zilembo 49. Foni ikaudula, mawu anayi oyamba, omwe ndi zilembo 28, atsalabe, ndipo uthenga wonse uli m'menemo: usipa wofutsa watsika mtengo. Tsiku likabisika, alibwereze pa mzere woyamba wa kalata, womwe ungayambe motere: "Bambo Uje, chaka chabwino chatsopano. Chigoba chija cha K20,000 chili pa K18,000 mpaka pa 15 Januwale." Onani kuti sanalembe kuti mitengo yagwa ndi theka. Kuchoka pa K20,000 kufika pa K18,000 ndi 10 peresenti, ndipo mutu usalonjeze zoposa zomwe zili mkati.

Tsopano maadiresi 60 aja. Atawaunika, apeza kuti 38 ndi a anthu omwe anagula chaka chathachi, 14 ndi a omwe anagula kalekale n'kusiya, ndipo 8 anawakopera pa zikwangwani ndi pa intaneti, eni ake sanagulepo kanthu. Asanu ndi atatu amenewa awachotse. Ndi omwe angadine Report spam, chifukwa samudziwa. Komanso lamulo la dziko lino la mchaka cha 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo pa makina a intaneti sililola kutumizira munthu mauthenga otsatsa malonda iye asanavomereze. Ngati akufuna loji yatsopano, apiteko ndi chitsanzo cha nsomba kapena aimbe foni, adiresi apatsidwe ndi mwini wake.

Pa 38 aja, 12 ndi maloji ndi malesitilanti, 26 ndi ogula kukagulitsanso ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe. Magulu awiriwa safuna zofanana. Wa lesitilanti amadera nkhawa mchenga mu nsomba ndi tsiku lofikira katundu. Wogulitsanso amayang'ana mtengo wopikulira. Choncho mitu ikhale iwiri. Kwa maloji: "Usipa wanu uja wa ku Msaka, tibweretse Lachisanu?" Kwa opikula: "Usipa wofutsa K18,000 chigoba mpaka pa 15 Januwale". Mtengo umodzi woona mu mutu suvuta. Chovuta ndi manambala ambirimbiri ndi zizindikiro za ndalama zondondozana.

Mutu wa maloji uja uli ndi funso, ndipo ndi dala. Funso loyankhika ndi "eya" kapena "ayi" limabweretsa yankho, ndipo yankho ndi umboni wamphamvu kwa sefa woti anthu awiriwa amadziwana. Kasitomala akakuyankhani kamodzi, makalata anu otsatira amafika mosavuta. Kwa 14 omwe anasiya kugula, asawatumizire zotsatsa nthawi yomweyo. Awalembere mmodzimmodzi mutu wofatsa monga "Mukufunabe usipa wa ku Msaka chaka chino?" Yemwe sayankha, amusiye. Ngati ena mwa makasitomala anu ndi alendo osamva Chichewa, lembani m'Chingerezi koma kamangidwe kakhale komweka: katundu patsogolo, malo omwe munakumana, kenako tsiku.

Dzina la wotumiza ndi katumizidwe

Mutu wabwino sungapulumutse kalata yochokera ku dzina losadziwika. Ambiri tinatsegula imelo ndi dzina lamasewera kapena la manambala, ndipo ndi lomwe limaoneka kwa kasitomala. Pa Gmail ya pakompyuta dzinali limasinthidwa mukalowa pa Settings, kenako Accounts, pa mzere wa Send mail as. Lembani dzina lomwe makasitomala amakuitanirani ndi ntchito yanu, mwachitsanzo dzina lanu lotsatana ndi mawu oti "usipa, Msaka". Musatsegule adiresi yatsopano chifukwa cha malonda a Januwale. Adiresi yakale yomwe anthu akhala akuyankha ili ndi mbiri, yatsopano ilibe.

Gmail yaulere imalola kutumizira anthu osaposa 500 patsiku, koma wamalonda wamng'ono asayandikire n'komwe malire amenewo. Maloji 12 aja alemberedwe mmodzimmodzi, dzina lililonse pa kalata yake. Ndi ntchito ya theka la ola, ndipo ndi yomwe ingabweretse oda yaikulu. Opikula 26 akhoza kugawidwa m'magulu a anthu osaposa khumi, maadiresi awo n'kuikidwa pa Bcc osati pa To, kuti wina asaone adiresi ya mnzake. Kuwaika onse poyera n'kugawira opikisana nanu mndandanda wa makasitomala anu.

Mkati mwa kalata mukhale mawu olembedwa, osati chithunzi chokha cha positala, chifukwa kalata ya chithunzi chokha imakayikitsa sefa ndipo imachedwa kutseguka netiweki ikavuta. Pewani malinki ofupikitsidwa, omwe akuba amabisiramo komwe akukutengerani. Kumapeto ikani mzere umodzi woti yemwe sakufuna kulandiranso mitengo angoyankha kuti "ayi", ndipo akatero mumuchotsedi. Munthu wopatsidwa khomo lotulukira sadina Report spam.

Za nthawi, kuyambira pa Khirisimasi mpaka pa 1 Januwale a m'maloji amakhala ali kalikiliki ndi alendo, ndipo kalata yanu ingokwiririka. Dikirani tsiku lachiwiri kapena lachitatu la ntchito m'chaka chatsopano, m'mawa, pomwe akuwerengera zomwe zatha m'sitolo. Kumbukiraninso kuti makasitomala athu ambiri kuno ndi Asilamu. Mafuno a chaka chatsopano amafika kwa aliyense, pomwe mutu womangirira malondawo ku Khirisimasi umasiya ena kunja.

Mungadziwe bwanji kuti yafika

Musanatumizire makasitomala, yesani. Pemphani anthu awiri kapena atatu, wina wa Gmail, wina wa Yahoo kapena Outlook, makamaka omwe simunalemberanepo nawo pa imelo, kuti muwatumizire kalatayo. Awone komwe yagwera, ndipo akuwerengereni mutu monga ukuonekera pafoni pawo kuti mudziwe pomwe wadukira. Ikagwera mu Spam, sinthani chinthu chimodzi, muyesenso. Yambani ndi kuchotsa linki kapena chithunzi, kenako mutu. Mukasintha zonse pakamodzi simudziwa chomwe chinali vuto. Dziwaninso kuti mayesowa amangokupatsani chithunzithunzi, chifukwa sefa imaweruza mosiyana kwa munthu aliyense, ndipo makampani ena ali ndi sefa zawozawo.

Pa Gmail pali chigawo china chotchedwa Promotions. Kugwera m'menemo si kugwera mu Spam. Kalata yafika, kungoti yaikidwa pamodzi ndi zotsatsa zina, ndipo nthawi zambiri foni siyilira. Kalata yaifupi, yolembedwa kwa munthu mmodzi, yopanda zithunzi, ndi yomwe kawirikawiri imalowa mu Primary.

Gmail wamba sakuuzani kuti ndani watsegula kalata, choncho werengani mayankho. Lembani m'kope mayina onse 38, tsiku lotumiza, mutu womwe analandira, ndi ngati ayankha. Kalata ikabwerera kuchokera kwa Mail Delivery Subsystem ndi uthenga woti adiresi sikupezeka, ifufuteni pa mndandanda, chifukwa kutumizabe ku maadiresi akufa kumaipitsa mbiri. Zimachitika kawirikawiri m'maloji, ogwira ntchito akasintha.

Pakatha masiku atatu, sankhani makasitomala asanu omwe nthawi zonse amayankha koma ulendo uno ali chete, muwaimbire. Akanena kuti kalata anayiona koma sakufuna nsomba pakali pano, vuto ndi mtengo kapena nyengo, osati mutu. Akanena kuti sanayione, apempheni ayang'ane mu Spam, ndipo akayipeza adine Not spam ndi kusunga adiresi yanu pa mndandanda wa anzawo. Kwa omwe sanayankhe, chikumbutso chimodzi chikwanira, masiku awiri kutsitsako kusanathe, ndi mutu watsopano monga "Usipa wa K18,000 utha pa 15 Januwale". Tsikulo likafika, bwezeranidi mtengo pa K20,000. Mukawonjezera masiku mwakachetechete, chaka chamawa palibe adzakhulupirire tsiku lolembedwa pa mutu wanu.